Puloti ili ndi taitolo koma akukhalapo ndi ena: zoyenera kuchita zaka 12 zisanakwane

Ambiri amene tili ndi puloti ya mapepala timaganiza kuti taitolo didi ikangokhala m'sutikesi, malowo ndi athu mpaka kalekale. Lamulo la Malawi silinena choncho. Munthu wina akakhala pamalo anu poyera, mwamtendere, mosadukiza, ndiponso popanda chilolezo chanu kwa zaka 12, mukhoza kuluza mphamvu yomuchotsa, ndipo iye akhoza kupempha kuti dzina lake lilowe m'kaundula m'malo mwa lanu. Zimenezi zili m'malamulo awiri. Limitation Act imaletsa kusuma mlandu wofuna kubwezeredwa malo pakatha zaka 12 kuchokera tsiku limene munayenera kusuma. Registered Land Act, pa gawo 134, imapatsa wokhalitsayo njira yolembetsera umwini.

Amene zimawapweteka kawirikawiri ndi anthu amene ali ku Joni kapena ku Mangalande, ana amasiye amene sanalondole katundu wa makolo, ndi amene anagula malo n'kumadikira ndalama zomangira. Malangizowa ndi awo, komanso ndi a munthu amene wakhala pamalo zaka zambiri ndipo akufuna kudziwa ngati ali ndi poimira.

Choyamba: dziwani mtundu wa malo

Musanawerenge zaka, dziwani kuti malowo ndi a mtundu wanji. Gawo 134 silikhudza malo a boma kapena malo a mafumu. Ngakhale mutakhala zaka 40 m'nkhalango yotetezedwa kapena m'malire a msewu, lamuloli silikupatsani umwini. Mikangano ya minda ya kumudzi ili ndi njira yake, ya mwambo ndi mabwalo amene anakhazikitsidwa ndi Customary Land Act ya 2016. Nkhani yathu ndi ya malo a munthu kapena kampani, okhala ndi mapepala.

Pitani ku ofesi ya kaundula wa malo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, mukalipire kuti akufufuzireni zimene zalembedwa pa nambala ya taitoloyo. Mudzaona dzina la mwini, ngongole ya banki ngati ilipo, ndi chenjezo lililonse limene munthu wina anaikapo. Mapuloti ambiri a m'tauni ndi a lizi, nthawi zambiri ya zaka 99. Wokhalitsa akapambana pa puloti yotere, amene waluza ndi mwini lizi. Amene anapereka liziyo, monga boma, mphamvu zake zimakhalapobe.

Abale a ku Zambia asatengere izi kwawo. Kumeneko gawo 35 la Lands and Deeds Registry Act limakana zoti munthu apeze umwini chifukwa chokhalitsa pamalo amene ali kale ndi satifiketi ya taitolo. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe nthawi yake ndi zaka 30.

Chachiwiri: onani ngati kukhala kwakeko n'kumene lamulo limawerenga

Apa ndi pamene milandu yambiri imathera, choncho tifatsepo.

Khoti limafunsa mafunso awiri. Kodi munthuyu wawagwira malowo m'manja mwake monga amachitira mwini? Nanga cholinga chake chinali kuwasunga yekha, osalola wina aliyense kulowapo, ngakhale mwini pepala? Kudutsapo popita kumjigo si kugwira malo. Kumangirirapo mbuzi mwa apo ndi apo, kutayapo zinyalala, kapena kuthyolapo mango, nazonso n'zopepuka. Zolemera ndi monga kumanga mpanda ndi kuika geti limene kiyi wake akusunga iye, kumanga nyumba, kuikamo alendi n'kumalandira ndalama, kudzala mitengo, ndi kuthamangitsa ena ofuna kulowerera. Mwa zonsezi, mpanda wokhala ndi loko ndiwo umboni umene oweruza amaukhulupirira msanga, chifukwa umauza aliyense wodutsa kuti pano pali wolamula.

Kulima chimanga dzinja lililonse kuli pakati. Ngati malowo ndi munda, kulima chaka ndi chaka ndi momwe mwini aliyense akanawagwiritsira ntchito, ndiye kumawerengedwa. Ngati ndi puloti ya m'tauni yopanda mpanda, imene ikatha kukololedwa ana amaseweramo mpira mpaka mvula, mwini pepala ali ndi ponenera kuti wolimayo sanawagwire malowo yekha.

Kukhalako kuyenera kukhala kwa poyera. Wobisala, wobwera usiku, kapena wopusitsa mwini mwachinyengo kuti asadziwe, zaka zake siziyenda bwino pamaso pa khoti. Koma kukhala poyera sikutanthauza kuti mwini ayenera kudziwa. N'kokwanira kuti akanabwera akanaona. Kunena kuti "ndinali ku Joni, sindinadziwe" sikuimitsa zaka. Wolowa ndi zikwanje n'kumakhalapo moopseza nayenso walephera, chifukwa lamulo likufuna kukhala kwa mtendere.

Chachikulu pa zonse ndi chilolezo. Munthu amene akukhala chifukwa mwamulola sakuwerengerani zaka. Mlonda amene mumamulipira, mlendi amene akupereka lendi, mphwanu amene munamuuza kuti azisunga pamalo, onsewa akukhalira inu. Chimodzimodzi amene anapatsidwa udindo woyang'anira chuma cha masiye: sangatembenuke n'kunena kuti nyumba ya anawo ndi yake poti wakhalamo nthawi yaitali. Vuto limayamba chilolezo chikatha, munthu osachoka, inu osachitapo kanthu.

Mlandu umene umaonetsa bwino zimenezi ndi wa ku Mangalande, ndipo ndi wofunika kwa ife chifukwa lamulo lathu la malire a nthawi linachokera kumeneko ndipo maloya athu amatchula zigamulo za kumeneko m'khoti. Kampani ya JA Pye inali ndi malo a mahekitala 25 pafupi ndi Thatcham ku Berkshire, imene inkawasungira kudzamangapo nyumba. Inalola banja la Graham, alimi oyandikana nawo, kudyetsapo ziweto mpaka pa 31 Disembala 1983. Pangano litatha, kampani inakana kulembanso lina, koma mu 1984 inawagulitsa udzu wa pamalopo, umene anamaliza kumweta mu Ogasiti. Kuchokera apo a Graham anapitiriza kudyetsa ng'ombe, kuthira manyowa ndi kusamala mipanda, kiyi wa geti ali nawo, osalipira kalikonse. Kampani inadzafika kukhoti zaka 12 zitadutsa kale. Mu 2002 khoti lapamwamba kwambiri la dzikolo pa nthawiyo linagamula kuti malowo ndi a Graham. A Graham anavomera kuti akanauzidwa kulipira akanalipira, koma khoti linati zimenezo sizisintha kanthu. Sikofunika kuti munthu azidziona ngati mwini. Chofunika n'chakuti ankafuna kuwagwira malowo yekha, ndipo anawagwiradi popanda chilolezo. Kampaniyo inakadandaula ku khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya, ndipo mu 2007 inaluzanso.

Ku Mangalande lamulo linasintha kuyambira mu Okutobala 2003. Tsopano wokhalitsa pamalo olembetsedwa amapempha pakatha zaka 10, ofesi imadziwitsa mwini, ndipo mwini akakana pempholo limagwa, kupatula pa zifukwa zochepa, ndipo mwiniyo amakhala ndi zaka ziwiri zoti achotse wokhalayo. Amene muli kumeneko musaganize kuti chitetezo chimenecho chikuphimbanso puloti yanu ya ku Area 49.

Chachitatu: werengani zaka pa pepala

Tengani pepala, mulembe masiku motsatana. Tiyerekeze chonchi. Mayi wina ali ndi puloti ya lizi ku Lilongwe, anapita ku Joni mu 2009 atangothira mchenga ndi njerwa pang'ono. Mu Disembala 2010 neba wake anayamba kulimamo chimanga. Mu Juni 2011 nebayo anazunguliza mpanda wa njerwa wolumikiza puloti ija ndi yake, n'kuika geti. Mu 2013 anamangamo zipinda zitatu za lendi. Mayi uja anabwera mu 2017, anakalipa pageti, anakadandaula kwa mfumu ya m'deralo, kenako anabwerera ku ntchito. Mu 2019 loya wake analemba kalata yolamula neba kuchoka. Neba sanayankhe. Mlandu unalowa kukhoti mu Malichi 2024.

Neba adzanena kuti zaka zinayamba mu Disembala 2010 ndi chimanga. Mayi adzatsutsa, mwina n'kupambana pamenepo. Koma za mpanda wa mu Juni 2011 n'zovuta kutsutsa, ndipo kuchokera apo zaka 12 zinakwana mu Juni 2023. Mlandu wa mu Malichi 2024 wachedwa ndi miyezi 9. Kukalipa kwa mu 2017 sikunadule kanthu. Kalata ya loya ya mu 2019 nayonso sinadule kanthu, ngakhale inali ndi chidindo ndiponso mawu oopsa, chifukwa neba anakhalabe pamalopo monga kale.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi. Tinene kuti mu 2019 neba anayankha kalata ija, nasayina, kuti: "Ndikudziwa kuti malowa ndi anu, ndipatseni chaka ndipeze kopita." Mawu amenewo afafaniza zaka 8 zimene zinali zitadutsa. Kuwerenga kukuyambiranso mu 2019, ndipo mayi ali ndi mpata mpaka 2031. Kalata yopempha kugula malowo kwa mwini imathanso kutengedwa ngati kuvomera kotero.

Powerenga, kumbukirani kuti zaka za anthu otsatana zimaphatikizidwa. Neba akakhala zaka 7 n'kumwalira, mwana wake n'kupitiriza zaka 5, zakwana 12. Mbali ya mwini pepala, imfa kapena kugulitsa sizibwezera zaka kumbuyo: wolowa m'malo amalandira zaka zotsala zokha. Lamulo limaonjezera nthawi ngati mwini anali mwana wosakwana msinkhu kapena wodwala maganizo pamene kulandako kunkayamba, koma izi zikufuna loya aone masiku ake bwinobwino. Pa lendi yopanda pangano lolembedwa, tsiku lofunika ndi la lendi yomaliza kulipidwa. N'chifukwa chake mlendi amene anasiya kulipira kalekale inu n'kungomusiya chifukwa cha chisoni ndi woopsa kuposa amene mumakangana naye mwezi ndi mwezi koma akulipira.

Chachinayi: ngati ndinu mwini pepala, dulani zakazo

Njira zodulira ndi zitatu basi: wokhalayo avomere kuti malo ndi anu, mutengenso malowo m'manja mwanu iye atachoka, kapena musume kukhoti mlandu wofuna malowo.

Yambani ndi yotsika mtengo. Pitani nokha, kapena tumani munthu amene mwamupatsa mphamvu molemba. Pitani mwaulemu, chifukwa chimene mukufuna ndi siginecha, osati kupambana pa mkangano. Lembani pepala lalifupi lokhala ndi nambala ya taitolo, dzina lanu monga mwini, mawu oti iye akuvomera kuti malowo ndi anu ndipo akukhalapo mwa chilolezo chanu, tsiku limene chilolezo chikuthera, ndi ndalama imene azipereka ngakhale itakhala yochepa. Asayine iye mwini, pakhale mboni ziwiri, ndipo aliyense asunge kope. Ngati nkhani yapita kwa mfumu, musakhutire ndi chigamulo cha pakamwa. Zimene wavomera pabwalo zilembedwe pomwepo ndipo asayine. Bwalo la mfumu palokha silidula zaka, chimene chimadula ndi kuvomera kwakeko.

Pangano limenelo muzilikonzanso chaka chilichonse, ndipo ndalama izidutsa njira yosiya umboni, ku banki kapena pa foni, osati pamanja. Ndimaumirira pa mfundoyi makamaka kwa amene asiya abale pamalo. Ambiri timachita manyazi kusayinitsa mlongo kapena malume, poopa kuoneka ngati sitikuwakhulupirira. Koma amene adzakangane pa malowo nthawi zambiri si inu awiri. Ndi ana anu ndi ana awo, nonse mutapita, ndipo iwo sadzakhala ndi wofunsa kuti munagwirizana zotani.

Akakana kusayina, musatayenso nthawi ndi makalata. Kukana kwakeko kukukuuzani kuti akudziwerengera zaka. Pitani kwa loya, kapena ku Legal Aid Bureau ngati ndalama zavuta, kuti mlandu wofuna malo ulembetsedwe kukhoti. Milandu ya umwini wa malo kawirikawiri imapita ku Khoti Lalikulu. Chimene chimaimitsa zaka ndi tsiku limene mlandu walembetsedwa, osati tsiku limene munakumana ndi loya. Pemphani kope la masamoni lokhala ndi chidindo cha khoti ndi nambala ya mlandu, mulione ndi maso anu. Ngati wokhalayo akumanga, loya apemphenso chiletso. Mlanduwo muziulondola, chifukwa ukathetsedwa poti simukubwera, mukhoza kupezeka kuti zaka zinkayenda nthawi yonseyo. Kukanena kupolisi kumathandiza pa ziwawa, koma si mlandu wofuna malo.

Njira yotenganso malo ndi manja ndi yoyenera pokhapokha pamene sipakukhala munthu, mwachitsanzo munda umene wakololedwa. Pamenepo itanani saveya apezenso mabikoni, mangani mpanda wanu, ikani loko wanu, jambulani zithunzi, ndipo malowo akhaledi m'manja mwanu. Kungolowa tsiku limodzi, kukhoma chikwangwani n'kuchoka, wolandayo n'kupitiriza monga kale, sikudula kanthu. Ndipo musatengere anyamata kukagwetsa nyumba kapena kutaya katundu panja. Kulowa ndi mphamvu pamalo pamene pakukhala munthu ndi mlandu wa upandu ngakhale mapepala ali anu, ndipo mudzakhala mwapatsa mnzanuyo mpata wosavuta wokakutengerani chiletso kukhoti.

Misonkho ya khonsolo ndi lendi ya lizi muzilipira, malisiti muzisunga. Koma dziwani kuti kulipira kokhako sikuimitsa zaka ngati pamalopo akulamula ndi wina.

Chachisanu: ngati ndinu wokhalitsa

Pali anthu amene lamuloli limawateteza moyenera. Wina anagula malo zaka 20 zapitazo pa pepala la m'kope, wogulitsa anamwalira asanasinthe dzina. Wina anamanga mpanda molakwitsa malire ndi mamita awiri, ndipo palibe anadandaula mpaka neba watsopano atabwera ndi saveya. Ngati ndinu wotere, yambani ndi kudzifunsa moona mtima kuti munalowa bwanji. Ngati munalowa monga mlonda, mlendi, kapena wosungira m'bale, muyenera kusonyeza tsiku limene ubale umenewo unatha ndi zimene zinasintha poyera. Zikakuvutani kusonyeza, mlandu wanu ndi wofooka, ndipo kukambirana zogula kungakupindulireni kuposa khoti.

Ngati poimira pali pabwino, sonkhanitsani umboni chaka ndi chaka. Umboni wofunika koposa ndi wa chaka choyamba, poti ndi umene umakhazikitsa tsiku loyambira: malisiti a simenti ndi njerwa za mpanda, kalata yolumikizira madzi kapena magetsi, zithunzi zakale, mapangano a alendi, ndi mmisiri amene anamanga ngati ali moyo. Lamulo limakuthandizani pang'ono apa: mukasonyeza kuti munalipo pa tsiku lakutilakuti ndipo mudakalipo, zimatengedwa kuti munalipo nthawi yonse ya pakati, pokhapokha wina atasonyeza kuti munachokapo. Mboni zabwino ndi aneba akale amene alibe phindu pa nkhaniyo. Zimene akunena zilembedwe ndi kulumbiridwa pamaso pa loya. Saveya ajambule gawo lenileni limene mwagwira, chifukwa mumapeza chokhacho chimene munagwira. Ngati munatchinga theka la puloti, theka linalo si lanu.

Mukatero, loya akuthandizeni kulemba pempho kwa mkulu wa kaundula wa malo kuti akulembeni monga mwini. Iye amadziwitsa mwini amene ali m'kaundula ndi ena okhudzidwa, monga banki, ndipo amawapatsa mpata wotsutsa. Pakakhala kutsutsana kwenikweni, yembekezani kuti nkhani ithera kukhoti. Pa nthawi imeneyi loya angathe kuika chenjezo pa taitolo kuti malowo asagulitsidwe mwakachetechete. Ngati malowo sali m'kaundula ameneyu koma ali ndi mapepala a mtundu wakale, njira ndi kupempha khoti kuti linene kuti mphamvu ya mwini inatha.

Musapemphe zaka zisanakwane. Pempho limadzutsa mwini, ndipo ngati kwatsala miyezi itatu, imeneyo ndi yokwanira kuti asume. Musasayinenso pepala lililonse lochokera kwa mwini loya wanu asanaliwerenge. Ndipo mukapambana pa puloti ya lizi, konzekerani kukumana ndi zimene liziyo imafuna, monga lendi ya malo ndi malamulo a kamangidwe. Nyumba yomangidwa popanda pulani yovomerezeka sisanduka yovomerezeka chifukwa choti mwapeza umwini.

Kwa amene akufuna kugula

Ufulu wa wokhalitsa, umene wakwana kale kapena umene ukukhwima, umamanga malowo ngakhale sunalembedwe m'kaundula. Choncho pepala la kafukufuku likhoza kutuluka loyera, dzina la wogulitsa lili bwinobwino, koma inu n'kugula puloti imene yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kuti ipite, kapena imene inapita kale. Musanapereke ndalama, kayendeni pamalopo masana ndi saveya, mupeze mabikoni onse, muone ngati mpanda wa neba sunalowe mkati. Mukapeza mizere, khola, chimbudzi kapena kanyumba, funsani munthuyo mwini, wogulitsa asali pafupi, kuti anabwera liti ndipo anamulola ndani. Akati analoledwa ndi wogulitsa, alembe zimenezo ndi kusayina. Akayamba kuwerenga zaka zimene wakhalapo, uzani wogulitsa kuti athane naye kaye ndipo akupatseni malo opanda munthu, ndalama yotsala idikire kwa loya mpaka tsiku limene mudzalandire kiyi wa geti.